Kajambulidwe ndi kawerengedwe ka tchati cha mabwalo: chiwerengero chiyende ndi eliya, osati rediyasi

Tchati cha mabwalo ndi tchati chimene chinthu chilichonse chimaimiridwa ndi bwalo lozungulira, ndipo kukula kwa bwalolo kumasonyeza kuchuluka kwa chinthucho. Mu Excel tchatichi chili pa dzina lakuti `Bubble`. Chimapezeka kawirikawiri m'malipoti a maboma, m'ntchito zomwe ophunzira a ku Chirunga amapereka kwa aphunzitsi awo, komanso pa mapu osonyeza chiwerengero cha anthu. Vuto lake lili pa funso limodzi limene ambiri salifunsa asanayambe kujambula: tikanena kuti bwalo ili ndi lalikulu kawiri kuposa linzake, kodi tikunena za mtunda wochoka pakati kufika m'mphepete, kapena tikunena za malo onse amene bwalolo laphimba papepala? Mtunda uja ndi rediyasi, malo aja ndi eliya, ndipo ziwirizi sizikula mofanana. Chiwerengero chiyenera kuyenda ndi eliya. Malangizo awa akusonyeza chifukwa chake, kawerengetsedwe kake, ndi mmene mungadziwire ngati tchati cha munthu wina chinatsatira lamuloli.

Yambani ndi kuona nokha mmene bwalo limakulira

Musanatsegule kompyuta, tengani pepala la mabokosi la m'kope la masamu, kampasi ndi rula. Jambulani bwalo limene rediyasi yake ndi mabokosi awiri, kenaka pambali pake jambulani lina la rediyasi ya mabokosi anayi. Werengani mabokosi amene ali m'kati mwa bwalo lililonse, ndipo amene adulidwa ndi mzere muziwaphatikiza awiriawiri. M'bwalo laling'ono mupeza mabokosi pafupifupi 12 kapena 13, pamene m'lalikulu mupeza pafupifupi 50. Rediyasi mwaiwirikiza kawiri kokha, koma malo awirikiza kanayi.

Chifukwa chake chili mu fomula ya eliya ya bwalo, imene tonse tinaiphunzira kusukulu:

```
A = π × r²
```

Rediyasi imachulukitsidwa ndi iyo yomwe, motero chilichonse chimene mwachita ku rediyasi chimachitika kawiri ku eliya. Mukaiwirikiza katatu, eliya iwirikiza ka 9. Mukaiwirikiza ka 10, eliya iwirikiza ka 100. Amene anayanikapo mfutso pa malichero amazidziwa izi ndi manja: lichero lotambalala kawiri kuposa linzake limayanika masamba a malichero ang'onoang'ono anayi, chifukwa lakula m'litali ndi m'lifupi momwe nthawi imodzi.

Tsono diso la munthu likaona mabwalo awiri odetsedwa ndi inki, silitenga rula kuti liyeze kuchoka pakati kufika m'mphepete. Limaona kuchuluka kwa inkiyo, ndiye kuti eliya. Wojambula akamangirira chiwerengero ku rediyasi, iye amadziona kuti walemba zoona, popeza manambala ake ndi olondola, koma wowerenga amalandira uthenga wokokomeza kwambiri. Ichi n'chifukwa chake ndimaona kuti nkhaniyi ikukhudza chilungamo cha lipoti lonse, chifukwa anthu ambiri pamsonkhano amakumbukira chithunzi kuposa tebulo la manambala.

Sankhani chiwerengero choyenera bwalo

Si nambala iliyonse imene imayenera kuikidwa pa kukula kwa bwalo. Zoyenera ndi zinthu zowerengeka kapena zosonkhanitsika, zimene zimayambira pa ziro ndipo sizitsika pansi pa ziro: anthu, matumba a chimanga, ophunzira olembetsa, ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito. Pa zinthu zotere mawu akuti "kawiri kuposa" ali ndi tanthauzo, ndipo bwalo lopanda kukula konse limatanthauza kuti palibe kanthu. Phindu limene chaka china limasanduka kuluza silikwanira bwino, chifukwa palibe bwalo limene eliya yake ili pansi pa ziro. Excel ili ndi kabokosi ka `Show negative bubbles`, koma wowerenga wamba sangadziwe msanga kuti bwalo ili ndi la kuluza pamene linzake lofanana nalo kukula ndi la phindu. Maperesenti nawonso ndi bwino kuwaika pa mzere wogona kapena woimirira wa tchati, ndi kusiyira bwalo kuchuluka kwenikweni kwa anthu kapena katundu.

Pa chitsanzo chathu titenga manambala a kalembera wa 2018 amene inatulutsa ofesi ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba. Mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu 989,318, Blantyre 800,264, Mzuzu 221,272, ndipo Zomba 105,013. Awa ndi manambala a mizinda yokha, osaphatikiza madera akumidzi a mabomawo. Mukagawa chiwerengero cha Lilongwe ndi cha Zomba mupeza 9.4, kutanthauza kuti pa munthu mmodzi aliyense wa mumzinda wa Zomba panali anthu oposa pang'ono asanu ndi anayi ku Lilongwe. Sungani 9.4 ameneyu m'mutu, chifukwa ndiye muyeso umene tchati chathu chiyenera kubweza pamapeto.

Werengetsani rediyasi ya bwalo lililonse

Choyamba sankhani kukula kwa bwalo lalikulu koposa, malinga ndi malo amene muli nawo. Pa pepala la A4, rediyasi ya mamilimita 30 ndi yabwino kwa Lilongwe, chifukwa mabwalo onse anayi akwana popanda kupanikizana. Chachiwiri, gawani chiwerengero cha mzinda uliwonse ndi chiwerengero cha mzinda waukuluwo. Chachitatu, pezani sikweya ruti ya yankholo, ndipo chomaliza chulukitsani ndi mamilimita 30 aja. Fomula yake ndi iyi:

```
r = r_max × √(chiwerengero ÷ chachikulu)
```

Sikweya ruti ndiye mtima wa ntchito yonseyi. Popeza eliya imachulukitsa rediyasi ndi iyo yomwe, ife timayamba ndi kubweza kuchulukitsako, kuti bwalo likajambulidwa eliya yake igwere pa chiwerengero chenicheni. Nambala ya π simukuyenera kuiwerengetsa n'komwe, chifukwa ili m'mabwalo onse mofanana ndipo imadzichotsa yokha pogawa.

Tiyeni tiyende ndi Zomba pang'onopang'ono. Tikagawa 105,013 ndi 989,318 tipeza 0.106. Sikweya ruti ya 0.106 ndi pafupifupi 0.326, ndipo tikachulukitsa ndi 30 tipeza mamilimita 9.8. Mzuzu ayenda njira yomweyo: kugawa kukupereka 0.224, sikweya ruti yake ndi 0.473, ndipo rediyasi ndi mamilimita 14.2. Blantyre akutuluka ndi mamilimita 27. Ngati manambala anu ali mu Excel, m'mabokosi a `B2` mpaka `B5`, lembani fomula iyi mu `C2` ndi kuikokera pansi:

```
=30*SQRT(B2/MAX($B$2:$B$5))
```

Tsopano taonani chimene chikanachitika mukanadumpha sikweya ruti. Zomba akanakhala ndi rediyasi ya 0.106 kuchulukitsa ndi 30, imene ndi mamilimita 3.2, kadontho kochepa kuposa batani la malaya. Eliya ya bwalo la Lilongwe ikanaposa ya Zomba pafupifupi ka 89, pamene kusiyana kwenikweni ndi ka 9.4. Mzuzu, amene ali ndi anthu owirikiza kawiri ndi pang'ono poyerekeza ndi Zomba, akanaoneka wamkulu kanayi ndi theka. Tangoganizani tchati chotere chitaonetsedwa pakhoma m'chipinda chimene anthu akukambirana za kagawidwe ka zipangizo m'mizinda: palibe nambala yabodza imene yalembedwa, komabe aliyense atuluka ndi maganizo akuti Zomba ndi kanthu kosaoneka n'komwe pambali pa Lilongwe. Onaninso kuti kulakwaku sikugwera onse mofanana. Blantyre akanangochoka pa mamilimita 27 kufika pa 24.3, kusintha kumene wina sangakuzindikire, pamene wamng'ono koposa ndiye amafinyidwa kwambiri. Ichi n'chifukwa chake tchati cholakwika chimadutsa mosavuta m'maso mwa woyendera amene wangoyang'ana mabwalo akuluakulu.

Jambulani, ndipo dziwani chimene pulogalamu yanu ikufuna kwa inu

Ngati mukujambula ndi kampasi pa pepala kapena pa fulipi tchati, tsegulani kampasi pa muyeso wa rediyasi umene mwapeza, basi. Ngati mukujambula mabwalo ndi dzanja mu PowerPoint kapena Word, kumbukirani kuti mabokosi a `Height` ndi `Width` amafuna dayamita, umene ndi mtunda wodutsa bwalo lonse, choncho wirikizani rediyasi kawiri. Lilongwe alowa ngati masentimita 6, Blantyre 5.4, Mzuzu 2.84, Zomba 1.95, ndipo nambala yomweyo ilembedwe m'mabokosi onse awiri kuti bwalo lisakhale ngati dzira. Ambiri amakoka kona ya bwalo ndi mbewa mpaka "lioneke bwino", ndipo njira imeneyi ilibe muyeso uliwonse.

Pa tchati cha `Bubble` cha mu Excel zinthu zimasintha, ndipo apa m'pofunika kusamala kwambiri. Excel imafuna mizere itatu ya manambala: wa malo pa mzere wogona, wa malo pa mzere woimirira, ndi wa kukula kwa bwalo. Poyeserera, pa mzere wogona ikani 1, 2, 3, 4, pa woimirira ikani 1 paliponse, ndipo pa kukula ikani chiwerengero cha anthu monga mmene chilili. Tchati chikatuluka, dinani bwalo limodzi ndi batani lakumanja la mbewa, sankhani `Format Data Series`, ndipo pansi pa `Size represents` mupeza zosankha ziwiri: `Area of bubbles` ndi `Width of bubbles`. Yoyenera ndi yoyambayo. Excel imayambira pa imeneyo mwa iyo yokha, koma fayilo imene mwalandira kwa mnzanu ikhoza kukhala kuti inasinthidwa, ndipo nthawi zambiri munthu amasintha chifukwa chakuti `Width of bubbles` imachititsa kusiyana kuoneka kochititsa chidwi. Bokosi la `Scale bubble size to` lilibe vuto, chifukwa limakulitsa kapena kuchepetsa mabwalo onse pamodzi.

Pali msampha wina umene umakola anthu amene amvetsa kale phunziro la sikweya ruti. Munthu amawerengetsa rediyasi ndi fomula ija, kenaka amapereka manambala a rediyasiwo kwa Excel ngati kukula kwa bwalo, pamene Excel ili pa `Area of bubbles`. Pamenepo sikweya ruti yachitika kawiri, kamodzi ndi inu, kamodzi ndi pulogalamu. Zotsatira zake ndi kulakwa kwa mbali inayo: eliya ya Lilongwe imangoposa ya Zomba katatu kokha, ndipo mizinda yonse imaoneka ngati yoyandikana kukula. Lamulo lake ndi lakuti sikweya ruti ichitike kamodzi. Ngati pulogalamu ikufunsa eliya, ipatseni chiwerengero chosakhudzidwa. Ngati ikufunsa rediyasi kapena dayamita, muyambe mwapeza sikweya ruti nokha.

Amene amagwiritsa ntchito Python adziwe kuti mu matplotlib, `s` wa mu `scatter` ndi eliya kale, choncho chiwerengero chimangochulukitsidwa ndi nambala imodzi yokhazikika:

```python
import matplotlib.pyplot as plt

x = [1, 2, 3, 4]
y = [1, 1, 1, 1]
anthu = [989318, 800264, 221272, 105013]
s = [4000 * a / max(anthu) for a in anthu]
plt.scatter(x, y, s=s, alpha=0.5)
plt.show()
```

Kwa amene amagwiritsa ntchito pulogalamu ya R, mu ggplot2 muli msampha wobisika kwambiri. `scale_size()` imagwiritsadi ntchito eliya, koma imatenga chiwerengero chochepa koposa n'kuchipatsa bwalo laling'ono lokhazikika, ndi chachikulu koposa n'kuchipatsa bwalo lalikulu lokhazikika, posayang'ana kuti ziwirizo zasiyana kangati. Sukulu ya ophunzira 900 ndi ya ophunzira 1,000 zikhoza kutuluka ina kadontho, ina bwalo lalikulu, ngati ziwirizo ndizo zili kumapeto kwa mndandanda wanu. Gwiritsani ntchito `scale_size_area()`, imene imaonetsetsa kuti ziro akhale bwalo lopanda kukula. Mfundo imeneyi ndi ya pulogalamu iliyonse imene imakufunsani kukula kochepa koposa kwa bwalo: sikelo iyambire pa ziro, apo ayi eliya siyenda ndi chiwerengero ngakhale mutasankha eliya.

Yezani zimene zatuluka

Musakhulupirire pulogalamu musanayeze. Sindikizani tchati, kapena ikani rula pa sikirini, ndi kuyeza dayamita ya bwalo lalikulu koposa ndi ya laling'ono koposa. Gawani ziwirizo, kenaka chulukitsani yankholo ndi ilo lomwe. Pa tchati chathu, mamilimita 60 kugawa ndi 19.5 ndi pafupifupi 3.07, ndipo 3.07 kuchulukitsa ndi 3.07 ndi 9.4, nambala ija munasunga m'mutu. Tchati chili bwino. Mukapeza kuti kugawa madayamita kokha kwakupatsani 9.4 musanachulukitse, dziwani kuti chiwerengero chamangiriridwa ku rediyasi. Mukapeza kuti kugawako kwapereka 1.75, sikweya ruti yachitika kawiri. Mukapeza nambala ina imene sikugwirizana ndi zitatuzi, kayikirani kuti sikelo sinayambire pa ziro.

Kuyeza kumeneku kumatenga mphindi ziwiri, ndipo kumagwiranso ntchito pa tchati cha m'nyuzipepala kapena m'lipoti la bungwe lililonse, bola pakhale mabwalo awiri amene manambala ake alembedwa.

Konzani tchati kuti chiwerengeke

Bwalo lolondola pa masamu likhoza kukhalabe lovuta kuwerenga, chifukwa diso la munthu silidziwa bwino kuyerekeza maeliya. Mu 1984 akatswiri a zowerengera William Cleveland ndi Robert McGill anasanja njira zoonetsera manambala malinga ndi mmene anthu amaziwerengera molondola, ndipo malo a chinthu pa mzere wa muyeso umodzi anali patsogolo, utali pambuyo pake, eliya kumunsi. Wojambula mapu James Flannery anapezanso kuti anthu amakonda kuchepetsa mabwalo akuluakulu m'maganizo mwawo, moti bwalo lalikulu kakhumi amaliona ngati silinafike pamenepo. Iye anapereka njira yokulitsira mabwalo akuluakulu pang'ono, pogwiritsa ntchito mphamvu ya pafupifupi 0.57 m'malo mwa 0.5 ya sikweya ruti, ndipo njirayi ikupezeka mu QGIS, pulogalamu yojambulira mapu, pa dzina lake lomwelo. Pa chitsanzo chathu, njira ya Flannery ingachititse rediyasi ya Lilongwe kuposa ya Zomba ka 3.6 m'malo mwa ka 3.07.

Maganizo anga ndi akuti pa lipoti limene anthu adzapangirapo ziganizo, khalani pa eliya yeniyeni. Anthu sachepetsa mabwalo mofanana, ndipo wowerenga wosamala amene watenga rula yake ayenera kupeza nambala yoona. Komanso zimene Flannery anapeza zisakhale chifukwa chobwererera ku rediyasi: iye anasuntha kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.57, pamene kumangirira chiwerengero ku rediyasi ndi kudumpha mpaka pa 1.

Njira yabwino yothandizira diso ndi kalozera. Pakona ya tchati jambulani mabwalo atatu a manambala osavuta, monga anthu 100,000, 500,000 ndi 1,000,000, owerengetsedwa ndi fomula yomwe ija ndi chachikulu chomwe chija. Pa sikelo yathu marediyasi ake ndi mamilimita 9.5, 21.3 ndi 30.2. Ayikeni lina m'kati mwa linzake, onse atagunda pansi pa mzere umodzi, kuti asadye malo ambiri. Pansi pake lembani chiganizo chimodzi chomveka, chakuti eliya ya bwalo ikuimira chiwerengero cha anthu mu 2018. Ngati mabwalo ndi ochepa ngati athuwa, lembaninso nambala yeniyeni pambali pa lililonse.

Mabwalo akamakwerana, jambulani akuluakulu poyamba kuti ang'onoang'ono akhale pamwamba, ndipo mtundu wake ukhale woonekera m'kati, wokhala ndi mzere wooneka bwino m'mphepete. Mzerewo ndi wofunika kwambiri kuno kwathu, kumene malipoti ambiri amafika kwa owerenga atadutsa pa makina a fotokope a inki yakuda yokha, ndipo mitundu yonse yokongola ija yasanduka phulusa limodzi. Pewani `3-D Bubble`. Bwalo likaoneka ngati mpira, wowerenga amayamba kuganiza za zimene zingalowe m'kati mwake, ndipo mpira wa rediyasi yowirikiza kawiri umalowa zinthu zowirikiza ka 8, choncho mwabweretsa muyeso wachitatu umene simunawerengetse. Pomata tchati mu Word ngati chithunzi, chikokeni pa kona, osati pambali, kuti mabwalo asaphwatalale.

Chomaliza pa gawoli ndi matchati awiri oyandikana, mwachitsanzo cha chaka china ndi cha chaka chotsatira. Excel imatenga bwalo lalikulu koposa la tchati chilichonse n'kulipatsa kukula kolingana ndi malo a tchaticho, motero bwalo lalikulu la m'tchati choyamba likhoza kufanana ndi la m'tchati chachiwiri ngakhale manambala ake atasiyana kwambiri. Kuti matchatiwo ayerekezeke, onse akhale ofanana kukula, ndipo m'chilichonse muikemo bwalo limodzi la nambala yofanana imene ikuposa ena onse. Bwalolo mukhoza kulisiya ngati kalozera kapena kulichotsa mtundu kuti lisaoneke. Mukamawerengetsa ndi fomula, gwiritsani ntchito chachikulu chimodzi pa matchati onse.

Kawerengedwe ka tchati chimene wina wajambula

Tchati cha mabwalo chodziwika kwambiri ndi cha Gapminder, chimene Hans Rosling wa ku Sweden anachitchukitsa mu 2006. Bwalo lililonse ndi dziko. Mzere wogona umasonyeza chuma chimene chimagwera munthu mmodzi, mzere woimirira umasonyeza zaka zimene munthu amayembekezeka kukhala ndi moyo, kukula kwa bwalo ndi chiwerengero cha anthu, ndipo mtundu ndi dera la dziko lapansi. Ndi chitsanzo chabwino chophunzirirapo, chifukwa chili ndi zonse zinayi pamodzi.

Yambani ndi mizere iwiriyo musanayang'ane mabwalo. Werengani dzina la mzere uliwonse ndi muyeso wake, ndipo onani mmene manambala akukwerera. Pa tchati cha Gapminder, manambala a mzere wogona sakwera moonjezera nambala yofanana. Amakwera mowirikiza, kotero kuti mtunda womwewo papepala kumanja umaimira ndalama zambiri kuposa kumanzere. Wosazindikira izi amaganiza kuti mayiko olemera ndi osauka ndi oyandikana kuposa mmene alili.

Kenaka pezani malo a bwalo poyang'ana pakati pake. Apa ndi pamene owerenga ambiri amasokonekera, chifukwa bwalo lalikulu ngati la India kapena China limatambalala kudutsa manambala angapo, ndipo diso limakopeka kuwerenga m'mphepete mwake mwa pamwamba. Bwalo limenelo silikunena kuti dzikolo lili paliponse m'kati mwa malowo. Likunena za kadontho kamodzi kamene kali pakati, ndipo kutambalala konseko ndi nkhani ina, ya kuchuluka kwa anthu. Pa chifukwa chomwecho, mabwalo awiri akakwerana sizitanthauza kuti ali ndi gawo logawana. Angoyandikana malo ndipo ndi aakulu.

Mukatha apo m'pamene muyang'ane kukula. Funani kalozera kapena chiganizo chonena chimene kukulako kukuimira, ndipo ngati palibe, musatengepo nambala iliyonse kupatula kudziwa kuti ili ndi lalikulu kuposa ilo. Ngati tchati chanena kuti chikutsatira eliya, gwiritsani ntchito lamulo losavuta ili m'mutu: bwalo lotambalala kawiri likuimira chiwerengero chowirikiza kanayi, lotambalala katatu likuimira chowirikiza ka 9, ndipo kuti chiwerengero chiwirikize kawiri kokha bwalo limangotambalala ka 1.4. Lamuloli likuthandizani kukonza chizolowezi cha diso chochepetsa mabwalo akuluakulu. Pa tchati chathu, bwalo la Mzuzu ndi lotambalala pafupifupi kamodzi ndi theka poyerekeza ndi la Zomba, ndipo wodziwa lamuloli anena msanga kuti anthu a ku Mzuzu ndi owirikiza kawiri ndi pang'ono.

Dziwaninso pamene tchatichi chimalekezera. Taonani Lilongwe ndi Blantyre: marediyasi awo ndi mamilimita 30 ndi 27, ndipo mabwalowo akatalikirana papepala munthu akhoza kunena kuti ndi ofanana. Komatu kusiyana kwa mizinda iwiriyi ndi anthu 189,054, amene ndi ambiri kuposa anthu onse a mumzinda wa Zomba. Kusiyana konseko kwabisala mu kamzere ka mamilimita atatu kozungulira m'mphepete mwa bwalo. Ichi si cholakwika cha wojambula, ndi chikhalidwe cha eliya, ndipo mankhwala ake si kusinthira ku `Width of bubbles` kuti kusiyana kuoneke. Ngati funso lalikulu la lipoti lanu ndi lakuti Lilongwe akuposa Blantyre ndi anthu angati, jambulani tchati cha mizati yoyambira pa ziro, chimene mzati wa Blantyre ufika pa magawo anayi mwa asanu a mzati wa Lilongwe ndipo aliyense aona. Mabwalo asungireni pamene malo a chinthu pa mizere iwiri kapena pa mapu ndiwo nkhani yaikulu, ndipo kukula kukungothandiza wowerenga kudziwa kuti ndi kadontho kati kamene kakuimira anthu ambiri. Kukulako kumathandiza kwenikweni ngati manambala asiyana kowirikiza kangapo, monga Zomba ndi Lilongwe. Akasiyana ndi magawo 10 kapena 20 pa 100 okha, lembani manambalawo pambali pa mabwalo, chifukwa diso palokha silingawasiyanitse.